Denga Lakuda la Makwerero

Mu msewu wathu amamutchula Makwerero, chifukwa palibe amene anamuonapo akupita ku ntchito wopanda makwerero paphewa. Ntchito yake ndi yopenta madenga a malata. Makoma amapenta ntchito ikasowa, koma amati imeneyo ndi ya anthu oopa kugwa. Ndi munthu wamtali, wouma thupi, wosakonda macheza a pamsewu. Samwa, saba penti wa eni nyumba, ndipo sathira parafini wambiri m'chitini kuti penti achuluke monga amachitira anzake ena. Ndanena zimenezi poyamba kuti wina asaganize kuti nkhaniyi ndi ya munthu woipa. Koma mlandu wake sindimuchotsera, ndipo iye mwini sangalole.

Ntchitoyi anaiphunzira kwa mmisiri wina wokalamba amene miyendo inayamba kumunjenjemera akakwera pamwamba. Mkuluyo ankaima pansi n'kumakuwa, Makwerero ali padenga. Kumeneko ndi kumene anadziwira kuti poyenda pa malata umaponda pamene pali misomali, chifukwa pansi pake ndi pamene pali mtengo. Anadziwa kuti dzimbiri umayamba walipala ndi burashi ya waya, n'kutsuka, n'kupaka penti wofiira woletsa dzimbiri, kenako mtundu umene mwini nyumba akufuna. Anadziwanso kuti padenga umakwera kukangocha, chifukwa dzuwa likakwera malata sagwirika.

Za kutentha kwa malata palibe amene akanamuphunzitsa. Mawondo ake ankadziwa. Padenga loyera ankagwada mpaka dzuwa kufika pamutu, vuto linali maso okha, chifukwa denga loyera limabweza kuwala ndipo limathobwa. Padenga lakuda kapena lobiriwira kwambiri ankapinda chiguduli katatu n'kuika pansi pa mawondo, komabe dzuwa lisanafike pamutu ankatsika. Tsiku lina anaiwala mpeni wopalira padenga lotere, ndipo pobwerera kukautenga unamuwotcha chikhatho mpaka matuza. Zonsezi ankazidziwa ali pamwamba. Sanadzifunsepo kuti moto umene ukumuwotcha mawondowo ukupita kuti kunsi kwake.

Akatsika padenga sankabwerera kunyumba. Ankapala mageti pamthunzi, kutsuka maburashi, kapena kuyenda m'misewu akuyang'ana madenga adzimbiri kuti akagogode. Ankanena poyera kuti mwamuna wopezeka pakhomo masana ndi wodwala kapena waulesi. Ankachoka kusanache bwino, n'kubwera dzuwa litalowa, ngakhale Loweruka. Lamulungu ankaweruka kutchalitchi n'kupita kukaona madenga oti ayambe mawa lake. Nyumba yake yomwe ankaidziwa m'mawa ndi madzulo basi.

Amene anamanga nyumbayo ndi apongozi ake aamuna, kalekale. Makoma ake ndi a zidina, ochindikala moti pazenera akazi a Makwerero ankaikapo beseni n'kutsalabe malo. Mazenera ndi aang'ono. Pansi pa malata mkuluyo anakhomera mphasa kuti zikhale siling'i, ndipo ndi zaka zinada, makoswe n'kumathamangamo. Makwerero sankaikonda nyumbayi. Akafika madzulo, kunja kutayamba kamphepo, m'katimo ankapeza muli fundefunde, mazenera atatsekedwa kale chifukwa cha udzudzu. Ankaika dzanja pakhoma n'kulipeza lofunda ngati nthiti za ng'ombe.

"Bambo anu anamanga uvuni," ankatero kwa akazi ake.

"Uvuni womwewu ndakulereranimo ana," ankayankha mayiwo osadzutsa mutu pa makina.

Akazi ake anali telala. Ankasoka mayunifolomu a ana a sukulu ndi kukonza zipi, m'mawa pakhonde, masana m'nyumba. Anali mayi wolankhula, woseka mokweza, amene ankatha kukuyeza chiuno uku akukuuza kuti mimba yakula chifukwa cha ulesi. Ana awo akuluakulu anakwatira n'kupita kutali. Pakhomo panatsala mwana wotsiriza, wamkazi, mtsikana wamkulu ndithu, amene aliyense ankangomutchula Mzime.

Tsiku lina mayiwo anagwa pa makina. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Mbali yakumanja inafa, ndipo mawu anatsala ochepa: eya, ayi, madzi, ndi dzina la Mzime. Dokotala anati akamachita masewero olimbitsa thupi amene anawaphunzitsa, mwendo ukhoza kubwerera n'kuyambanso kuyenda ndi ndodo. Makwerero anamva mawu amenewa n'kuwasunga. Kusambitsa wodwala sankadziwa, kukhala pambali pa bedi n'kumacheza sankathanso. Chimene ankatha ndi ntchito ya manja. Anaganiza zomangira akazi ake chipinda chatsopano, chowala, cha mpweya, chokhala ndi khomo lalikulu lolowa njinga ya odwala, kuti asadzabwerere mu uvuni muja.

Anaitana mlamu wake, mchimwene wa akazi ake, amene ndi womanga nyumba. Awiriwa akhala akunyozana kuyambira tsiku la ukwati.

"Alamu, njerwa zanuzi ndi zomangira chipinda kapena khola la nkhunda?" anafunsa womangayo akuyang'ana mulu umene Makwerero anasonkhanitsa.

"Inu mangani. Kuwerenga njerwa za eni ndiye ntchito imene mumaitha."

"Ndikamanga khoma la njerwa ziwiri, zithera m'chiuno. Achemwali anga azigona akuona nyenyezi."

"Ndiye mangani la njerwa imodzi. Si nyumba yosanja iyi, lisenza malata basi."

"La njerwa imodzi liima, ine sindimanga zogwa. Malo ake ndi kuti?"

Malo anali amodzi okha, kumbali yolowera dzuwa, kumene kunalibe mtengo kapena nyumba yotchinga. Mlamuyo anagoneka njerwa m'litali, imodziimodzi, khoma lopyapyala ngati kutambalala kwa chikhatho. Anaika zenera lalikulu lagalasi kumbali yomweyo, chifukwa Makwerero ankafuna kuti akazi ake aziona msewu. Atakhoma malata, mlamuyo anafunsa za siling'i.

"Idzabwera," anatero Makwerero. "Siling'i ndi yobisa mitengo kuti alendo asaione. Amayi akutuluka m'chipatala sabata ino, sangadikire zokongoletsa."

Penti anali naye kale. Masiku amenewo ankapenta nyumba yaikulu ya bwana wina, ndipo mtundu umene anthu olemera anaukonda chaka chimenecho unali wakuda ngati makala. Bwanayo anamupatsa zitini zotsala. Nyumba ya bwanayo inali ndi siling'i yochindikala, pamwamba pake atayalapo zinthu zonga thonje zotchinga kutentha, ndiponso makina oziziritsa m'chipinda chilichonse. Makwerero anaziona zimenezi, koma maso ake anali pa kukongola kwa dengalo. Anapenta malata a akazi ake mosamala kuposa denga lililonse limene anagwirapo. Anthu odutsa ankaima n'kuyang'ana.

"Mwalemera liti, alamu, ife osadziwa?" anatero womanga uja. "Denga la mabwana pa khoma la nkhunda."

Mayiwo anafika madzulo. Anawagoneka pa bedi latsopano, zenera lili lotsegula, kamphepo kakulowa. Makwerero anagwira khoma, linali litazizira kale. Anatenga dzanja lamanzere la akazi ake n'kuligunditsa pakhomapo.

"Mwamva, amayi? Uvuni uja mwatsanzikana nawo. Muli bwino muno?"

Mayiwo anamuyang'ana nkhope, imene inali isanawalepo chotero chiyambire matendawo.

"Eya," anatero.

Masabata oyamba kunali kukadali kozizira, ndipo zinthu zinkayenda. M'mawa Mzime ankawaimiritsa amayi ake, iwo n'kugwira thebulo la makina osokera, n'kukoka mwendo wakufawo pang'onopang'ono. Anafika poyenda kuchoka pabedi mpaka pakhomo atatsamira phewa la mwanayo. Makwerero akamva zimenezi madzulo ankangogwedeza mutu, koma aliyense ankaona kuti mtima wake uli m'malo.

Kenako inafika miyezi yotentha, mvula isanagwe. Mayiwo anayamba kufooka. Masewero a masana anasiya, kenako a m'mawa omwe anayamba kuwakana. Chakudya ankangochilawa. Mzime anadikira bambo ake atasamba, n'kuwauza.

"Ababa, m'chipinda mwa amayi mumatentha masana."

"Mwezi uno kulikonse kukutentha. Ine padenga ukuganiza kuti ndimakhala m'madzi?"

"Si kutentha wamba. Ndikalowamo mutu umandipweteka. Ndikatsegula zenera dzuwa limalowa, ndikatseka katani mpweya umatha. Bwanji tiwabwezere m'chipinda chakale?"

Makwerero anadzuka, n'kumugwira dzanja mwana wakeyo ngati kamwana. Anapita naye m'chipinda chakale n'kumugunditsa pakhoma. Linali lofunda. Anapita naye m'chipinda chatsopano. Khoma linali lozizira, ndipo m'mwamba mwa malata munkatsika kamphepo.

"Dzanja lako lomwe, likuti chiyani?"

"Pano ndi madzulo, ababa. Ine ndikunena masana."

"Khoma limene likutentha dzuwa litalowa, masana limakhala bwanji? Ganiza, unapita kusukulu iwe. Ukufuna ndibwezere amayi ako kwa makoswe chifukwa kuno n'kutali ndi kukhitchini."

Mawu otsirizawa anali oipa, ndipo anali abodza. Mtsikanayo ndi amene ankasambitsa amayi ake, kuwatembenuza, kuwachapira. Makwerero anatembenukira kwa akazi ake.

"Amayi, mwanayu akuti chipinda chino ndi choipa. Muli bwino muno?"

Mayiwo anayang'ana mwana wawo, n'kuyang'ana mwamuna wawo, penti wakuda akadali m'zikhadabo zake.

"Eya," anatero.

Nkhani inathera pomwepo. Mzime anainenanso kangapo, ndipo yankho linali lomwelo. Kuwanyamula yekha sakanatha, mayiwo anali athupi, ndipo mwendo unali utasiyanso kumvera. Kuitana anthu oyandikana nawo kuti asamutse bedi bambo ake atakana, pakhomo pamenepo chinali chinthu chosachitika. Chimene ankatha ndi kunyowetsa chitenje n'kuwafunditsa, ndi kuwakupiza ndi katoni. Madzi ankawapatsa, koma mayiwo ankangonyowetsa milomo n'kukankha kapu. Zinadziwika pambuyo pake kuti ankachita dala, kuti asamavutitse mwana ndi kuwatengera kuchimbudzi pafupipafupi.

Chimene Makwerero sanachimvetse ndi ichi, ndipo anthu ambiri sachimvetsa. Khoma lochindikala limamwa kutentha pang'onopang'ono. Dzuwa limaliwomba tsiku lonse, koma kutenthako kumatenga nthawi kuti kubooleze, ndipo kumafika m'kati madzulo, dzuwa litapita. N'chifukwa chake chipinda chotere chimazizira masana n'kufunda usiku, makamaka mazenera akatsekedwa. Khoma lopyapyala silisunga kanthu. Dzuwa likaliwomba, posakhalitsa m'kati mwatentha, ndipo dzuwa likalowa limazizira msanga. Malata ndiye amaposa. Akuda amamwa dzuwa pafupifupi lonse, ndipo popanda siling'i amalavulira motowo pa munthu amene wagona pansi pake, ngati mbaula yozondoka. Dzuwa likangolowa, malata omwewo amazizira ngati sanachite kanthu. Makwerero ankafika nthawi imene chipinda chatsopano chabisa kale mlandu wake, ndipo chakale chikutulutsa kutentha kumene chinatchinga masana onse.

Tsiku limene anadziwa, linali tsiku wamba. Mtanda umodzi wa makwerero ake unathyoka ali pa ntchito, ndipo kunyumba kumene ankapentako kunalibe hamala. Anabwerera kwawo dzuwa litangopendeka, akuyenda m'mbali mwa mipanda ngati wakuba, kuopa kuti anthu amuona pakhomo masana. Mzime anali atapita kukatunga madzi, chifukwa kumpopi ankatuluka nthawi imeneyo yokha. Makwerero anatsamiritsa makwerero pakhoma, n'kuganiza zosuzumira akazi ake.

Atatsegula chitseko, mpweya unamumenya kumaso ngati watsegula ng'anjo ya njerwa. M'chipindamo munkanunkha penti wopsa. Malata ankalira thethethe, monga amachitira akamafutukuka ndi dzuwa. Anakweza dzanja m'mwamba, ndipo lisanafike n'komwe pafupi ndi malata anamva moto uja amaudziwa m'mawondo, ukutsikira pa chikhatho chake, pa mutu wake, pa bedi. Anagwira khoma la kumbali yolowera dzuwa n'kuchotsa dzanja msanga.

Akazi ake anali chagada. Chitenje chimene Mzime ananyowetsa pochoka chinali chitauma gwa. Khungu lawo linali lotentha, louma, lopanda thukuta ngakhale dontho. Milomo inali itang'ambika. Maso anali otsegula pang'ono koma sankaona munthu.

"Amayi," anaitana. "Amayi, ndine."

Sanayankhe, ngakhale eya uja.

Anawanyamula, iye yekha, sadziwa kuti mphamvu anazitenga kuti. Anadutsa nawo pabalaza n'kukankha ndi phazi chitseko cha chipinda chakale, chifukwa ndi kumene kunali mphasa pansi. M'menemo munali mdima ndi kuzizira ngati m'kati mwa mtsuko. Atawagoneka, dzanja lake linagunda khoma la apongozi ake lija. Linali lozizira. Anayang'ana m'mwamba, mphasa zakuda zija zili phee, osatsitsa moto uliwonse.

Mzime anamupeza atagwada, akuthira madzi a m'ndowa pa khosi ndi m'khwapa mwa amayi ake. Mtsikanayo anatula chidebe, n'kutenga chitenje, n'kuyamba kukupiza.

"Thamanga kwa amalume ako, apeze galimoto," anatero Makwerero osamuyang'ana.

Kuchipatala anawaika dilipi. Namwino anafunsa kuti wodwalayu masana amagona malo otani. Makwerero anayankha yekha, ndipo sanabise kanthu: khoma la njerwa imodzi, malata akuda, siling'i palibe. Namwinoyo analemba. Mawa lake dokotala anawauza kuti thupi linatha madzi ndipo linatentha kopitirira, komanso kuti sitiroko yabweranso kachiwiri. Anati sanganene kuti kutentha kokha ndiko kwachititsa, chifukwa munthu amene inamugwirapo ikhoza kumubwerera ngakhale atagona pabwino.

Makwerero anamva mbali yoyamba. Yachiwiriyo anaisiya m'chipatala momwemo.

Panja pa wodi, pa benchi, Makwerero anakhala ndi mwana wake.

"Unandiuza," anatero bamboyo.

"Ndinakuuzani."

"Ndinakunena kuti ndiwe waulesi."

"Munatero, ababa."

Mtsikanayo sanamutonthoze. Anadzuka n'kukatsuka mbale za amayi ake.

Mlamu uja anabwera madzulo, chipewa chili m'manja. Nthabwala zinali zitamuthera.

"Alamu, khoma lija ndinamanga ndine. Ndinadziwa kuti layang'ana kolowera dzuwa. Ndikanakana."

"Munafunsa za siling'i, ine ndinati ndi zokongoletsa. Denga ndinapenta ndine."

"Ndi mlongo wanga ameneyu. Ndinabadwira m'nyumba ya zidina ija, ndikuidziwa masana ake. Sindinabwere n'tsiku limodzi lomwe kudzamuona dzuwa lili pamutu."

"Musandilande mlandu, alamu. Inu mumamanga n'kuchoka. Ine zaka zonsezi malata akuda akhala akundisenda mawondo. Ndinatenga chinthu chimene sindingagwadepo n'kuchiika pamwamba pa munthu wosatha kuthawa."

Womangayo anapukusa mutu. "Ngakhale pa zoipa mufuna zonse zikhale zanu. Umbombo wanuwu sudzatha."

Palibe anaseka, koma anakhala limodzi mpaka nthawi yoona odwala itatha.

Mayiwo anatuluka m'chipatala ali moyo, koma mwendo umene unayamba kubwerera uja unapitiratu. Sanaimenso. Mawu anatsala ochepa kuposa kale. Anawagoneka m'chipinda chakale. Makwerero anakhoma waya wotchinga udzudzu pa mazenera ake, kuti dzuwa likalowa azitsegula onse pamodzi ndi chitseko cha pabalaza, mphepo ya usiku izichotsa kutentha m'makoma. M'mawa dzuwa likayamba kukwera amatsekanso. Atayamba kuchita zimenezi, chifundizi cha madzulo chimene anachida zaka zonse chija chinachepa kwambiri. Chinali chinthu cha hamala ndi misomali yochepa.

Chipinda chatsopano sanachisiye. Anakwera padenga n'kuyamba kuphimba penti wakuda ndi woyera. Wakudayo ankaonekerabe pansi, ndipo anapaka mobwereza mpaka anabisika. Anaitana kalipentala kuti akhome siling'i ya matabwa, ndipo anamuuza asiye mipata pansi pa malata mbali zonse ziwiri, yotchinga ndi waya, kuti mpweya wotentha wa pakati pa denga ndi siling'i uzituluka. Mlamu wake anabwera ndi njerwa zake, osafunsidwa, n'kumanga mzere wachiwiri kunja kwa khoma lolowera dzuwa. Analipaka laimu, n'kutulutsa kakhonde kotchinga zenera. Ntchitoyi inatenga miyezi, chifukwa ankaigwira akapeza zipangizo.

Munthu amene ankati mwamuna sapezeka pakhomo masana anayamba kupezeka. Akatsika padenga la eni ake ankabwera kunyumba, n'kulowa m'chipinda chatsopanocho, n'kutseka chitseko, n'kugona chagada pansi pamene panali bedi. Ankafuna thupi lake limve lokha. Denga litayera, moto wochokera m'mwamba unachepa, koma unalipo. Siling'i italowa, unasiya kumveka pankhope. Khoma litachindikala, dzanja linkatha kukhalapo dzuwa litapendeka. Nyengo yotentha itabweranso anagonamo masana ambiri, ndipo anatsimikiza kuti chipindacho chakhala bwino. Sanadzinamize, chinalidi bwino. Mzime naye analowamo masana n'kuvomereza.

Ku ntchito anasintha pang'ono. Madenga akuda amapentabe, chifukwa denga ndi la mwini wake ndipo pakhomo pamafunika chakudya. Koma asanatsegule chitini amafunsa mafunso awiri: ngati m'nyumbamo muli siling'i, ndiponso amene amatsalamo masana ndani. Ena amayankha, ena amamuuza kuti anamuitanira kupenta osati kufunsa za banja lawo. Akamva kuti mumatsala nkhalamba, wodwala kapena khanda, ndipo siling'i mulibe, amamuuza mwini nyumbayo kuti alowe yekha m'chipinda chotere dzuwa litapendeka, akatero adzamuitanenso. Ena samuitananso.

Tsiku losamutsa mayiwo Makwerero anasankha Lamulungu masana, dala, kuti aone okha kusiyana kwake. Mlamu anabwera. Mzime anayala bedi, n'kuika makina osokera pafupi ndi zenera ngakhale panalibe wowapalasa. Makwerero anagwada pambali pa akazi ake m'chipinda chakale.

"Amayi, chipinda chija ndachikonza. Denga ndi loyera tsopano, siling'i ilimo, khoma achimwene anu awonjezera. Ndagonamo ine masana ambiri. Tiyeni mukaone."

Mayiwo anangomuyang'ana. Iye anatembenuka, mlamu ndi Mzime n'kuwakweza kumsana kwake. Anadutsa pabalaza pang'onopang'ono. Atafika pakhomo la chipinda chatsopano, Makwerero anamva kuti sakupitanso patsogolo. Anayesa kuponda, koma china chinamukoka. Dzanja lamanzere la akazi ake, lokhalo logwira ntchito, linali litagwira felemu ya chitseko, zala zitauma ndi mphamvu.

"Achemwali, muli bwino tsopano muno," anatero mlamu. "Lowetsani mutu wokha mumve. Ine wonyoza ntchito za alamu ndikuvomereza."

Dzanja silinasunthe. Makwerero ankamva mtima wa akazi ake ukugunda pamsana pake, ndi mpweya wawo ukutuluka mofulumira pakhosi pake. Mzime anatambasula dzanja kuti amasule zalazo.

"Asiye," anatero bambo ake.

Anaima pamenepo kanthawi, katundu ali kumsana, akuyang'ana siling'i yoyera, khoma losalala, bedi loyalidwa bwino. Kenako anabwerera m'mbuyo phazi limodzi. Zala zija zinamasuka zokha. Anatembenuka n'kuwabweza m'chipinda cha zidina, n'kuwagoneka, n'kuwakonzera pilo.

M'chipinda chatsopano mumagona Mzime. Makwerero sanawafunsenso akazi ake za kusamuka. Masana, akabwera kuchokera ku ntchito, amakhala pa mpando pambali pa bedi lawo, kapu ya madzi ili m'manja, ndipo sachoka mpaka mayiwo atamwa yonse.